Mwana amene sanalembe mayeso angakhale bwanji nambala wani?

Kompyuta ikhoza kuika pa nambala wani mwana amene sanalowe n'komwe m'chipinda cha mayeso. Izi zimachitika kompyutayo ili bwinobwino, popanda wachinyengo aliyense, ndipo mndandanda umatuluka wooneka bwino moti mphunzitsi wamkulu akhoza kusaina osakayika. Pulogalamu ina, itapatsidwa malikisi omwewo, imuika mwana yemweyo pansi penipeni ngati mbuli ya kalasi yonse. Gwero la zonsezi ndi kabokosi kamodzi kamene munthu sanalembemo kanthu.

Kuti nkhaniyi imveke, tiyerekeze kalasi ya ana asanu ndi atatu amene tiwatchule ndi manambala awo a mu kaundula. Sukulu ikufuna zinthu ziwiri: ana atatu okhoza kwambiri kuti awapezere basale, ndi ana atatu otsalira kwambiri kuti aziphunzira mwapadera masana. Malikisi a masamu ali motere:

```
nambala   malikisi
01        72
02
03        45
04        0
05        88
06
07        61
08        34
```

Mwana wa nambala 02 anadwala, sanalembe. Wa 06 analemba, koma pepala lake silinachongedwe. Wa 04 analemba ndithu ndipo sanakhoze funso ndi limodzi lomwe. Ziro wa mwana ameneyu ndi yankho lenileni, pomwe mabokosi awiri aja alibe yankho lililonse. Thumba limene mwaliika pa sikelo n'kupeza kuti mulibe kanthu si chimodzimodzi ndi thumba limene simunaliyeze: loyambalo mukudziwa kulemera kwake, lachiwirilo likhoza kukhala lodzadza kapena lopepuka.

Kusiyana kumeneku kumaonekera msanga pa avereji. Malikisi onse akaphatikizidwa akukwana 300. Mukagawa kwa ana asanu ndi mmodzi amene ali ndi malikisi, avereji ndi 50. Mukawapatsa ziro awiri aja n'kugawa kwa ana onse asanu ndi atatu, avereji igwa kufika pa 37.5. Kalasi ndi yomweyo, mphunzitsi ndi yemweyo, koma lipoti lina limuyamikira, lina limuitanitsa ku ofesi.

Mmene Excel imasanjira

Ambiri amasunga mindandanda yotere mu Excel, choncho tiyambire komweko. Mukaiuza kuti isanje kuyambira chaching'ono kupita ku chachikulu, imayamba ndi manambala, kenaka mawu, kenaka `FALSE` ndi `TRUE`, kenaka mauthenga olakwa monga `#N/A`, ndipo pamapeto pake mabokosi opanda kanthu. Mukatembenuza kuti iyambire ku chachikulu, dongosolo lonselo limatembenuka kupatula chinthu chimodzi: mabokosi opanda kanthu amatsalabe pansi. Kaya mukwere kaya mutsike, ana 02 ndi 06 apezeka kumapeto kwa mndandanda.

Pa kalasi yathu zotsatira zake ndi zabwino. Posankha `Largest to Smallest`, atatu apamwamba ndi 05, 01 ndi 07, amene apeza 88, 72 ndi 61. Posankha `Smallest to Largest`, oyamba kutuluka ndi 04, 08 ndi 03, amene apeza 0, 34 ndi 45. Vuto lingabwere kwa munthu amene wasanja kamodzi kokha kuyambira ku chachikulu n'kungowerenga atatu akumunsi. Iyeyo atenga 04, 02 ndi 06, ndipo ana awiri ofunikadi thandizo, 08 ndi 03, atsala panja.

Zikanathera pamenepa bwenzi nkhaniyi ili yaifupi. Koma kabokosi kooneka koyera sikakhala kopanda kanthu nthawi zonse.

Kawirikawiri mndandanda womaliza sulembedwa pamanja. Kalaliki amakhala ndi tsamba lina limene aphunzitsi analembapo malikisi, ndipo amakoka malikisiwo ndi fomula. Popeza safuna kuti lipoti lidzadze ndi `#N/A` pa ana osapezeka, amalemba chonchi:

```
=IFERROR(VLOOKUP(A2,Mayeso!A:B,2,FALSE),"")
```

Zizindikiro ziwiri zogundana kumapetozo zikutanthauza kuti mwana akapanda kupezeka, fomula ilembe mawu opanda chilembo n'chimodzi chomwe. Maso saona kanthu, koma kwa Excel amenewo ndi mawu, ndipo taona kale kuti posanja kuyambira ku chachikulu, mawu amakhala pamwamba pa manambala onse.

Tsopano taonani zimene zichitikire ana athu awiri. Mwana 02 sanalembe, choncho mphunzitsi sanamuike n'komwe pa tsamba la `Mayeso`. Fomula imusowa, imupatsa mawu osaoneka aja. Mwana 06 nambala yake ilipo pa tsambalo, kungoti kabokosi ka malikisi n'kopanda kanthu. `VLOOKUP` imupeza, ndipo ikakoka kabokosi kopanda kanthu imabweretsa 0. Mukasanja `Largest to Smallest`, 02 akwera pamwamba pa 05 uja wa 88, pomwe 06 atsikira pansi kukakhala ndi 04 ngati kuti naye analephera funso lililonse. Ana awiri amene onse alibe malikisi, wina mutu wa kalasi, wina mchira. Mwana 07, amene anayenera kulowa pa atatu a basale, wakankhidwira pa mzere wachinayi. Avereji nayo yasintha: `AVERAGE` idumpha mawu osaonekawo koma iwerenga ziro wabodza uja, choncho igawa 300 kwa ana asanu ndi awiri n'kupereka pafupifupi 42.9, nambala imene si 50 komanso si 37.5.

Ena amaganiza kuti akakopa kolamu yonse n'kuiika ngati `Values`, mafomula akachoka, vuto latha. Silitha. Mawu osaonekawo amatsala m'kabokosimo ngakhale fomula itachoka, ndipo apitiriza kukwera pamwamba. Tsopano ndiye zavuta kwambiri, chifukwa mukadina kabokosiko simuonanso fomula yokuchenjezani.

Msampha womwewu umagwiranso kolamu ya ndemanga. Tinene kuti mwalemba kuti wopeza pansi pa 50 walephera:

```
=IF(B2<50,"Walephera","Wakhoza")
```

Kabokosi kakakhala kopandiratu kanthu, Excel imakatenga ngati ziro pofananiza, ndipo mwana wodwala uja alembedwa kuti walephera. Kakakhala ndi mawu osaoneka, Excel imaona mawu aliwonse ngati aakulu kuposa nambala iliyonse, choncho mwana yemweyo alembedwa kuti wakhoza. Mayankho onse awiri ndi abodza, ndipo palibe uthenga wochenjeza umene utuluke.

Kuzindikira zimenezi sikuvuta, bola muwerenge musanasanje. Malikisi ali mu `B2:B9`, lembani mafomula anayi pambali: `=ROWS(B2:B9)`, `=COUNT(B2:B9)`, `=COUNTA(B2:B9)` ndi `=COUNTBLANK(B2:B9)`. Yoyamba ikuuzani mizere yonse, 8. Yachiwiri imawerenga manambala okha. Yachitatu imawerenga kabokosi kalikonse kamene muli chinachake, ngakhale mawu osaoneka. Yachinayi imawerenga mabokosi opanda kanthu pamodzi ndi a mawu osaoneka. Pa mndandanda wolembedwa pamanja uja mupeza 8, 6, 6 ndi 2, ndipo zikugwirizana: 6 kuphatikiza 2 ndi 8. Pa mndandanda wa fomula mupeza 8, 7, 8 ndi 1. Apa pali zizindikiro ziwiri. `COUNTA` ndi `COUNTBLANK` zikaphatikizidwa zikupereka 9, kuposa mizere imene ilipo, kusonyeza kuti pali kabokosi kamene kawerengedwa kawiri chifukwa muli mawu osaoneka. Komanso `COUNT` ikuti 7 pomwe mphunzitsi ali ndi mapepala ochongedwa asanu ndi limodzi, kusonyeza kuti pali ziro amene sanachokere pa pepala. Chizindikiro chachiwirichi kompyuta singakupatseni yokha, muyenera kufunsa amene ali ndi mapepala.

Palinso kabokosi kamene munthu anakafufuta pomenya batani lalitali lija lopatula mawu. Katsalira ndi mpata umodzi. `COUNTBLANK` sikawerenga, koma `=LEN(B3)` ipereka 1 m'malo mwa 0, ndipo posanja nako kamapita ndi mawu.

Mankhwala ake posanja ndi kolamu yothandizira. Mu `C2` lembani `=IF(ISNUMBER(B2),0,1)` n'kutsitsa mpaka pansi. Aliyense wokhala ndi nambala alandira 0, wopanda nambala alandira 1. Kenaka pa `Sort` ikani magawo awiri: loyamba kolamu C kuyambira ku chaching'ono, lachiwiri malikisi mbali imene mukufuna. Mabokosi opanda kanthu, a mawu osaoneka, a mpata, ngakhale a `#N/A`, onse atsikira pansi limodzi. Ziro wabodza wa `VLOOKUP` yekha ndiye sagwidwa ndi njirayi, popeza ndi nambala. Iyeyo amafuna kukonza fomula kuti iyambe yaona ngati kabokosi ka ku tsamba linalo kali ndi kanthu isanakoke.

Chinthu china chofunika kusamala ndi mzere wonse wopanda kanthu, umene alembi ena amasiya pakati kuti tsamba lioneke bwino. Mukangodina kabokosi kamodzi n'kulamula kusanja, Excel imangotenga mizere yogundana ndi kabokosiko ndipo imaima ikafika pa mzere woyera. Zam'mwamba zisanjidwa, zam'munsi zitsala mmene zinalili. Sankhani nokha mndandanda wonse musanasanje, kapena chotsani mizere yokongoletsayo.

Ku detabesi kulibe lamulo limodzi

Mabanki, zipatala, masukulu akuluakulu ndi mabungwe a kafukufuku sasunga zinthu zawo mu Excel. Amazisunga mu detabesi, ndipo amazifunsa m'chilankhulo cha SQL. Kumeneko chinthu chosadziwika chili ndi chizindikiro chakechake, `NULL`. Maganizo a detabesi za matebulo anachokera kwa Edgar F. Codd, katswiri wa ku IBM, mu 1970, ndipo mu 1979 iye analemba mofatsa za mmene detabesi ingachitire ndi zinthu zosowa. `NULL` si ziro komanso si mawu opanda chilembo, ndi chizindikiro chongonena kuti apa palibe chimene chalembedwa.

Olemba malamulo a SQL atafika pa funso la kusanja, anagwirizana kuti ma `NULL` onse azikhala mbali imodzi, kaya pamwamba pa zonse kaya pansi pa zonse. Koma mbali yake anawasiyira opanga mapulogalamu, ndipo opangawo anagawikana. PostgreSQL, Oracle ndi Db2 zimatenga `NULL` ngati chachikulu kuposa china chilichonse. MySQL, MariaDB, SQL Server, SQLite ndi Microsoft Access zimachitenga ngati chaching'ono kuposa zonse. Palibe mwa magulu awiriwa limene limachita ngati Excel, yosiya zopanda kanthu pansi mbali zonse ziwiri. Ku detabesi mukatembenuza mndandanda, ma `NULL` nawo amatembenuka.

Tibwerere ku kalasi yathu. Pofuna atatu a basale, wolemba pulogalamu alemba:

```
SELECT nambala, malikisi
FROM mayeso
ORDER BY malikisi DESC
LIMIT 3;
```

Pa MySQL kapena SQLite yankho ndi 05, 01 ndi 07, lolondola. Pa PostgreSQL lamulo lomweli, osasintha chilembo, lipereka 02 ndi 06 poyamba, kenaka 05. Awiri mwa atatu opita ku basale ndi ana opanda malikisi. Pofuna atatu otsalira, `DESC` imasinthidwa kukhala `ASC`, ndipo zinthu zimatembenuka: PostgreSQL ipereka 04, 08 ndi 03, zolondola, pomwe MySQL ipereka 02, 06 ndi 04. Choncho palibe detabesi imene tinganene kuti ndiyo yabwino pa nkhaniyi. Iliyonse imalondola funso limodzi n'kuphonya linzake.

Chimene chimaopsa apa ndi `LIMIT 3`. Mndandanda wonse ukanatuluka, munthu akanaona mabokosi oyera pamwamba n'kudabwa. Koma malipoti ambiri amangosonyeza manambala kapena maina a atatu osankhidwa, malikisi osaoneka. Ndiponso pulogalamu ikhoza kuyenda bwino zaka zingapo, chifukwa panalibe mwana wojomba, kapena chifukwa inali pa MySQL, kenaka n'kuyamba kulakwa tsiku limene bungwe lasamukira ku PostgreSQL. Olemba mapulogalamu ambiri amayesera ntchito yawo pa SQLite pa kompyuta yawo n'kukaiika pa PostgreSQL ikatha, ndiye kuti akudumpha malire a magulu awiri aja osadziwa.

Njira yolunjika ndi kunena nokha kumene mukufuna kuti ma `NULL` apite. Malamulo a SQL a mu 2003 anabweretsa mawu oti `NULLS FIRST` ndi `NULLS LAST`. Oracle imawamva, PostgreSQL inayamba kuwamva mu 2008 pa mtundu wa 8.3, ndipo SQLite inatsatira mu 2019 pa mtundu wa 3.30.0.

```
ORDER BY malikisi DESC NULLS LAST, nambala
```

MySQL simva mawu amenewa. Kumeneko mumagwiritsa nzeru yofanana ndi kolamu yothandizira ija: `malikisi IS NULL` imapereka 0 kwa wokhala ndi malikisi ndi 1 kwa wopanda, choncho `ORDER BY malikisi IS NULL, malikisi` ikankhira opandawo pansi. Njira yoyenda pa detabesi zonse zimene tatchulazi kupatula Access, kuphatikizapo SQL Server, ndi yaitali pang'ono:

```
ORDER BY CASE WHEN malikisi IS NULL THEN 1 ELSE 0 END,
         malikisi DESC, nambala
```

Mwaona kuti kumapeto kwawonjezeredwa `nambala`. Detabesi silonjeza kuti pakati pa 02 ndi 06 ndani ayambe, popeza pa malikisi ndi ofanana, ndipo lero ikhoza kuyamba ndi uyu, mawa ndi uyo. Nambala ya mu kaundula ndiyo imathetsa mpikisano.

Komabe pa funso la basale, ine ndinganene kuti kukankhira ma `NULL` pansi si yankho lokwanira. Kalasi itakhala ndi ana awiri okha okhala ndi malikisi, `LIMIT 3` itengabe wachitatu wopanda malikisi. Chabwino ndi kuwachotseratu ndi `WHERE malikisi IS NOT NULL`, kenaka n'kutulutsa mndandanda wachiwiri wa ana opanda malikisi kuti komiti iwuone. Mwana 06 pepala lake likadzachongedwa akhoza kupeza 90. Kumubisa pansi pa mndandanda n'kumulanda basale mwakachetechete.

Inde, ayi, ndi sizikudziwika

Kusanja ndi khomo chabe. Mkati mwake muli lamulo limene limazunguza aliyense woyamba kuphunzira SQL: funso lililonse lofananiza ndi `NULL` silipereka inde kapena ayi, limapereka yankho lachitatu, lakuti sizikudziwika. Kodi malikisi a 02 ndi ochepera 50? Sizikudziwika. Kodi akukwana 50? Sizikudziwikanso. Ndipo `WHERE` imangolola mizere imene yankho lake ndi inde.

Ndiye mukafunsa okhoza ndi `WHERE malikisi >= 50` mupeza atatu. Mukafunsa olephera ndi `WHERE malikisi < 50` mupezanso atatu. Atatu ndi atatu ndi asanu ndi mmodzi, pomwe kalasi ili ndi ana asanu ndi atatu. Awiri aja sali pa mndandanda uliwonse, ndipo palibe chimene chikuuzeni kuti asowa. Ngakhale kuwafunafuna ndi `WHERE malikisi = NULL` sikubweretsa mzere ndi umodzi womwe, chifukwa chosadziwika sitinganene kuti n'chofanana ndi chosadziwika chinzake. Malikisi a 02 ndi a 06 akhoza kufanana kapena kusiyana. Kafunsidwe koyenera ndi `IS NULL`.

Ndemanga ija nayo imalakwa kuno. Mukalemba `CASE WHEN malikisi < 50 THEN 'Walephera' ELSE 'Wakhoza' END`, mwana wopanda malikisi salowa pa khomo loyamba, popeza yankho silinali inde, choncho amagwera pa `ELSE` n'kulembedwa kuti wakhoza. Khomo loyamba liyenera kukhala `WHEN malikisi IS NULL`.

Pa kuwerengera, SQL ndi Excel zimagwirizana pena n'kusiyana pena. `AVG(malikisi)` idumpha ma `NULL` n'kupereka 50, ngati `AVERAGE`. `COUNT(*)` iwerenga mizere yonse, 8, pomwe `COUNT(malikisi)` iwerenga 6, ndipo kusiyana kwa ziwirizi ndiyo njira yachangu yodziwira kuchuluka kwa zosowa. Koma pophatikiza mapepala awiri a mwana mmodzi zimasiyana. Mwana akapeza 40 pa pepala loyamba, lachiwiri n'kukhala lopanda kanthu, Excel ndi `=B2+C2` ipereka 40, ngati kuti lachiwirilo anapeza ziro. SQL ipereka `NULL`, kutanthauza kuti chiwerengero chonse sichikudziwika. Pamenepa SQL ndiyo ikunena zoona, ngakhale kuti anthu ambiri amaikwiyira. Chodabwitsa n'chakuti pa kusanja ndi pa `GROUP BY`, detabesi yomweyo imene yakana kuti `NULL` ndi wofanana ndi `NULL` imawaika onse pa gulu limodzi. Zinapangidwa choncho kuti ntchito itheke, osati chifukwa cha mfundo yakuya.

Anthu akatopa nazo amathamangira `COALESCE(malikisi, 0)`, imene imaika ziro paliponse pamene pali `NULL`. Malipoti amayera, zodabwitsa zimatha, ndipo avereji imagwa kufika pa 37.5 ija. Chida chimenechi n'chabwino pamene kusowa kwa nambala kukutanthauzadi ziro, monga mwana amene sanalipireko fizi ndi kamodzi komwe, ndiye kuti zimene walipira ndi ziro. Pa malikisi a mwana wodwala n'kunamizira. Ngati lamulo la sukulu likuti wojomba popanda chifukwa alandire ziro, mphunzitsi alembe ziroyo ndi dzanja lake, fomula isagamule mlandu umene ndi wa anthu.

Choipa kuposa pamenepa ndi chizolowezi chakale cholemba nambala yapadera m'malo mwa chosowa, monga 999 kapena -1. Mafayilo ambiri a kafukufuku amachita zimenezi ndipo amafotokoza m'kabuku kapadera, koma kabukuko sikayenda ndi fayilo. Pa kalasi yathu, 999 kawiri ikweza ana awiri aja pamwamba pa pulogalamu iliyonse ndipo avereji ikhala 287.25, imene mwamwayi aliyense aiona kuti ndi yamisala. Koma -1 kawiri ipereka 37.25, nambala yooneka ngati yoona imene palibe angaikayikire. Masiku nawo ali ndi vuto lofanana: fomula ya Excel ikakoka tsiku pa kabokosi kopanda kanthu imabweretsa ziro, amene amaoneka ngati tsiku 0 la Januwale 1900, ndipo posanja kuyambira ku akale mwana wopanda tsiku lobadwa akhala wamkulu kuposa agogo ake.

Pamene fayilo ikuoloka

Zambiri zimasokonekera pa ulendo wochoka ku Excel kupita ku detabesi, kapena kubwerera. Fayilo yonyamulira, ya mtundu wa CSV, imangokhala mawu olekanitsidwa ndi makoma, ndipo ilibe chizindikiro chogwirizana cha chinthu chosowa. Mzere wa mwana 02 umangokhala `02,` basi. Wolandira ndiye amasankha tanthauzo. PostgreSQL, polowetsa ndi `COPY` ya CSV, imatenga malo opanda kanthu ngati `NULL`, koma ikaona `""` imalemba mawu opanda chilembo. MySQL ndi `LOAD DATA` imayembekezera `\N` pa chinthu chosowa. Ikapeza malo opanda kanthu pa kolamu ya manambala, imalemba 0 n'kupereka chenjezo limene ambiri saliwerenga, kapena imakana mzerewo, malinga ndi mmene anaitcherera. Oracle ili ndi khalidwe lakelake: mawu opanda chilembo imawasandutsa `NULL`, pomwe kwa zinzake ndi zinthu ziwiri zosiyana.

Zimachitikanso mobwerera, chinthu chenicheni n'kusanduka chosowa. Chidule cha dziko la Namibia ndi `NA`, ndipo zida zina zowerengera, monga R ndi pandas, zikaona `NA` mu fayilo zimamva kuti palibe kanthu pokhapokha mutaziuza mwina. Mndandanda wa maiko a kum'mwera kwa Africa ukhoza kulowa bwinobwino n'kutuluka Namibia alibe dzina.

Choncho fayilo ikaoloka, manambala atatu ayenera kufanana mbali zonse: mizere yonse, mizere yokhala ndi malikisi, ndi chiwerengero cha ma ziro. Pa kalasi yathu ndi 8, 6 ndi 1. Mukapeza 8, 8 ndi 3 ku tsidya linalo, ana awiri alandira ziro pa njira.

Chifukwa chake chilembedwe pambali

Pali chinthu chimodzi chimene kabokosi koyera kapena `NULL` sizingathe kunena: chifukwa chimene malikisi akusowera. Codd mwiniwake anaona vutoli ndipo m'buku lake la mu 1990 anafuna kuti pakhale zizindikiro ziwiri, china cha chinthu chimene chilipo koma sichikudziwika, china cha chinthu chimene sichikumukhudza munthuyo. SQL inatsala ndi chimodzi. Mwana 02 ayenera kupatsidwa tsiku lolemba mayeso, mwana 06 akungofuna kuti mphunzitsi achonge pepala, ndipo pakanakhala wina amene satenga phunzirolo, iyeyo sakanayenera kufunsidwa kanthu. Onse atatu pa kompyuta akuoneka chimodzimodzi.

Aphunzitsi ambiri amathetsa izi polemba "wadwala" kapena kamzere m'kabokosi ka malikisi momwemo. Kwa munthu wowerenga ndi zomveka, koma amenewo ndi mawu, ndipo akwera pamwamba posanja ngati aja osaoneka. Detabesi ya kolamu ya manambala iwakana polowetsa. Kolamu ya malikisi ikhale ya manambala okha. Pambali pake pakhale kolamu ina ya chifukwa, yokhala ndi mawu ochepa ogwirizana, monga "walemba", "wadwala", "sichinachongedwe". Mu detabesi, kolamu ya chifukwayo ikhoza kulembedwa `NOT NULL` kuti munthu asathe kusunga mzere osanena chimene chinachitika, pomwe ya malikisi isiyidwe yololeza `NULL`. Kukakamiza `NOT NULL` pa malikisi enieniwo kumangochititsa alembi kulemba ziro kuti kompyuta iwalole kupitirira.

Inu amene mumalandira mindandanda yosanjidwa kale kuti musaine, kaya ndi ya basale, ya ngongole zochedwa kapena ya mankhwala oyandikira kutha mphamvu, musalandire maina okha. Uzani wokonzayo kuti asonyeze kolamu imene anasanjira pambali pa mainawo, alembe pansi kuti mizere yonse inali ingati ndipo yopanda nambala inali ingati, ndipo akupatseni maina a opanda nambalawo pa pepala lawolawo.